Sewero la kuyanjanitsa magulu awiri: musalisandutse khoti

*Funso: Ndili mu giredi 11 ku Matero. Aphunzitsi a siviki atiuza gulu lathu kuti tikonze sewero losonyeza mmene magulu awiri a ana asukulu angathetsere mkangano mwachilungamo. Titayeserera, anthu anangokalipirana ndi kuseka. Tikonze bwanji?*

Mwanangu, yamba ndi kusankha njira imodzi. Mwaphunzira kuti anthu angakambirane okha, angaitane mkhalapakati, angapereke nkhani kwa munthu amene agwirizana kuti agamule, kapena angapite kukhoti. Sankhani ya mkhalapakati. Ndiyo yovuta kusewera bwino, chifukwa mwana aliyense akaikidwa pampando wapakati amafuna kukhala woweruza. Mkhalapakati sagamula. Ali ngati ankhoswe m'banja: amathandiza okanganawo kumvana, koma mfundo yomaliza imachokera kwa eni nkhani. Aphunzitsi akafunsa maziko ake, Gawo 118 la malamulo aakulu a Zambia, monga anasinthidwira mu 2016, limati makhoti azilimbikitsa njira zina zothetsera mikangano, kuphatikizapo za makolo.

Nkhani ikhale yaing'ono ndi yodziwika, koma isakhale mkangano umene ukuchitikadi pasukulu panu, ndipo musalowetse mitundu, zipani kapena mipingo. Tenga iyi: kalasi ya m'mawa ndi ya masana zimagwiritsa ntchito chipinda chimodzi. A m'mawa akuti amapeza zinyalala ndi madesiki atatu othyoka. A masana akuti anzawo amachedwa kutuluka, ndipo iwo amataya mphindi khumi za phunziro loyamba ataima padzuwa.

Apa ndi pamene pagona sewero lonse. Lembera gulu lililonse khadi lachinsinsi, lomwe linalo silidzaliona. La a m'mawa linene kuti chimene akufuna pakamwa ndi chakuti a masana alangidwe, koma chowapweteka kwenikweni n'chakuti iwo ndiwo amapatsidwa chilango chosesa chipinda chikapezeka chauve. La a masana linene kuti akufuna a m'mawa azituluka belu likangolira, koma salankhula zoti chipindacho alibe chosesera chifukwa matsache amatsekeredwa mu ofesi masana. Ntchito ya mkhalapakati ndi kufukula zobisikazi ndi mafunso. Asafunse kuti "Ndani anathyola desiki?" chifukwa funso limenelo limabala bodza ndi kulozana zala. Afunse kuti "Mukapeza chipinda chili chotere, chimakuchitikirani n'chiyani?" Popanda makadi amenewa, osewera amakhala opanda china chonena kupatula kubwereza madandaulo mokweza mawu, ndipo mwina n'chifukwa chake kuyeserera kwanu kunathera m'phokoso.

Osewera asapitirire asanu ndi awiri: atatu mbali iliyonse ndi mkhalapakati mmodzi. Mipando ikhale yofanana, yoikidwa mozungulira. Ngati phunziro ndi la mphindi 40, sewero litenge 15. Mkhalapakati anene malamulo, kenako aponye ndalama kuti adziwe oyamba kulankhula. Mbali iliyonse ipatsidwe mphindi ziwiri popanda woidula mawu, ndipo pakhale wina wosunga nthawi poyera. Ikatha kulankhula, mmodzi wa mbali inayo abwereze zimene wamva m'mawu akeake mpaka eni ake avomere kuti "Inde, ndi zimene timanena." Gawo limeneli ana amafuna kulidumpha poti silisangalatsa. Musalidumphe, ndi pomwe oonerera amaona kusiyana kwa kumva ndi kungodikira mpata woyankha.

Mudzazindikira kuti sewero lapatuka ngati mkhalapakati wayamba kunena kuti "Ine ndaona kuti olakwa ndi awa", ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikupepesa, kapena ngati ahedi alowa mwadzidzidzi n'kuthetsa zonse. Mapeto a ahedi aja amakondedwa kwambiri m'masewero a kusukulu, koma amenewo ndi ulamuliro, si kuyanjana.

Pangano lilembedwe pabolodi ndipo likhale lotheka kuliyeza. "Tizilemekezana" si pangano. Lembani kuti kalasi iliyonse izisesa isanatuluke, matsache awiri azikhala m'chipinda, a m'mawa azituluka pasanathe mphindi zisanu belu litalira, ndipo mamonita awiri aziwerengera limodzi madesiki posinthana. Onjezani tsiku lodzakumananso pakatha milungu iwiri. Kusainirana pakokha sikukwanira: boma la Angola ndi gulu la UNITA, lomwe linkamenyana ndi bomalo, anasaina pangano la mtendere muno mu Lusaka mu 1994, koma pofika 1998 nkhondo inali itabukanso.

Oonerera, omwe mwina ndi opitirira 50, asangokhala. Gawirani mizere ntchito: ena aone ngati nthawi inali yofanana, ena awerenge mafunso a mkhalapakati okondera, ena aone amene wataya zambiri m'panganolo. Mphindi zotsalazo akambe zimene apeza, osewera atavula kale maudindo awo n'kubwerera pamipando yawo, kuti odzudzula azidzudzula mkhalapakati wa m'sewero osati mnzawo.