Funsani Dokotala: Zilembo za pafoni zandichepera

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 47. Powerenga uthenga pafoni ndimachita kutambasula mkono, ndipo sabata yatha ndinalakwitsa nambala potumiza ndalama. Mwana wanga akuti tikulitse zilembo. Kodi zimenezi sizipha maso?

Yankho: Ayi mayi, mwanayo wakulangizani bwino. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha kaumbidwe munthu akamayang'ana pafupi, ndipo zaka zikapitirira 40 kamayamba kulimba, moti zinthu zapafupi zimaoneka mwachimbuuzi ngakhale kuti patali mukuona bwinobwino. Zilembo zazikulu sizifulumizitsa kulimbako kapena kukuletsa, koma zimachepetsa kutopa kwa maso ndi litsipa.

Zosintha zilipo zitatu, ndipo ndibwino kuyesa chimodzichimodzi. Pafoni ya Android lowani mu Settings, kenako Display, mupeze Font size, mukankhe kadontho sitepe imodzi, muwerenge uthenga foni ili pa mtunda wa masentimita 35 mpaka 40, chigongono chili chopinda. Ngati mkono ukufunabe kutambasuka, onjezerani sitepe ina. Mukatero yatsani Bold text, imene pa Samsung imalembedwa Bold font. Imeneyi anthu amaiderera, komatu kwa ine ndi yothandiza kwambiri pa manambala, chifukwa 3 ndi 8, kapena 5 ndi 6, zimasiyana msanga mizere yake ikanenepa. Mafoni ena akale alibe, ndipo ena anaiika mu Accessibility.

Display size, imene Samsung imaitcha Screen zoom, imakulitsa zonse, mabatani ndi tizithunzi tomwe, choncho ikhale yomalizira. Ikafika pamapeto limodzi ndi zilembo, mawu ena amadukira pakati ndipo batani lotsimikizira ndalama limatha kubisala m'munsi. Zikatero bwererani sitepe imodzi. Pa iPhone, Larger Text ndi Bold Text zili mu Accessibility, pa Display & Text Size, pamene Display Zoom ili mu Display & Brightness.

Dziwani kuti foni sikulitsa malangizo a pa botolo la mankhwala kapena diso la singano. Pa msinkhu wanu ambiri amathandizika ndi magalasi owerengera a mphamvu ya +1.50 kapena pafupi pamenepo, koma mukayezetse kaye musanagule.

Yesaninso izi mwezi uliwonse: tsekani diso limodzi ndi chikhatho, muwerenge uthenga, kenako musinthe. Ngati diso lina likuona moperewera, mizere ikuoneka yokhota, patali pachitanso nkhungu, kapena m'miyezi yochepa mwakulitsa zilembo kawiri katatu, vuto si ukulu wokha. Ikhoza kukhala ng'ala kapena matenda a shuga, choncho pitani ku chipatala cha boma lanu akayeze maso ndi magazi. Diso likasiya kuona mwadzidzidzi kapena likamapweteka kwambiri, pitani tsiku lomwelo.