Mwana akaulula, tsatani zomwe zimugwere

"Ndine mlezi pa mkombaphala, ana anga ndi a zaka 4 ndi 5. Tsiku lililonse ndimawafotokozera nthano koma kunama ndi kulandana zinthu sikukutha. Nditani anzanga?"

Achemwali, mwandikumbutsa zinthu zomwe mpaka lero ndikaziganiza mtima umachita kuwawa. Yambani mwaona kuti mwana amene wanena zoona pasukulu panupo chimamuchitikira n'chiyani, chifukwa ana amaonera pamenepo, nthanoyo imabwera pambuyo.

Ine ndinali pa kasukulu kena ka munthu, sinditchula dzina, ena muno mukuwadziwa. M'kalasi mwanga tinali ndi pangano: wolakwa akabwera yekha kudzanena, palibe chikwapu, timangokonza chomwe chalakwikacho. Wataya phala akolope, wang'amba chithunzi timatire limodzi. Zimayenda ndithu, ana amabwera okha, "Madamu, ndathyola choko." Ndiye tsiku lina chigumu cha kamtsikana kena chinasowa m'chikwama. Kanalira kwambiri, pakuti n'chokhacho chomwe kanatenga. Sindinafunse kuti waba ndani. Ndinawakhazika pamkeka n'kunena kuti chigumu chasochera, amene akudziwa komwe chapita adzandinong'oneze ndikamatsuka makapu. Ndili pa beseni paja kanabwera kamnyamata ka zaka 5, nyenyeswa zili mbuu pakamwa, kakunjenjemera. Kakuti, "Madamu, ndadya ndine, kunyumba sitinamwe tiyi." Ndinagwada pansi, ndinakagwira manja n'kukauza kuti wachita bwino kundiuza, phala likapsa ukapepese ndipo mawa tidzaona chomubwezera mnzako.

Osadziwa kuti amayi eni sukulu aima pakhomo akumva zonse. Sanandifunse n'komwe. Anakagwira khutu kukakokera pabwalo, ana onse atuluke, mpaka a kalasi ya tiana ta zaka 3. Anathyola kanthambi ka mtengo wa bulugamu n'kukakwapula m'miyendo, kenako n'kulamula anzake kuti aziwomba m'manja akuimba kuti wakuba, wakuba. Mwanayo sanalire mokweza ayi. Amangondiyang'ana ine, mkodzo ukutsika m'mwendo mpaka m'patapata. Ine nditati mayi, mwanayu waulula yekha, anandiyankha pamaso pa ana kuti ndikulera mbava ndipo ngati ndikufuna ndikatsegule sukulu yanga. Mayi amene aja! Pakhoma la ofesi yawo anamatapo mavesi a chikondi, Lolemba lililonse amatiyambitsa ndi pemphero, koma makolo akafunsa za shuga wa phala amene amasonkhera, ankawauza kuti alezi ndi amene tikuba. Pakutha pa mwezi anandidula malipiro ati chifukwa chosasunga mwambo.

Kuchokera tsiku limenelo m'kalasi mwanga simunapezekenso woulula. Kapu ikasweka, aliyense "si ine." Ena anayamba kunamizira kamnyamata komweko chilichonse chikasowa, ngakhale tsiku lomwe sikanabwere. Ana si opusa, anaona ndi maso awo kuti wonena zoona ndi amene amakwapulidwa.

Tsono pa nthano zanuzo, taonani kaye kuti mukufotokoza ziti. Zambiri za Kalulu, wabodza ndi amene amapambana. Tengani ija ya chitsime: nyama zonse zikukumba, Kalulu wakana, kenako akubwera kudzapusitsa alonda ndi uchi, kuwamanga n'kusamba m'madzi a anzake. Ana amaseka mpaka kugubuduka, ndipo mukafunsa kuti afuna kukhala ndani, onse ndi Kalulu, palibe wofuna kukhala Kamba amene anamugwira. Sindikuti muzisiye, ndi zathu ndipo ana amazikonda, koma muziima pakati. Kalulu akamanga mlonda, funsani kuti kodi Njovu ikabwera ndi ludzu n'kupeza madzi ali matope imva bwanji? Asiyeni ayankhe okha, ngakhale yankho likhale lokhota.

Zoopseza zija, zakuti wabodza anadyedwa ndi fisi, nazonso sizithandiza monga timaganizira. Ku Canada, Kang Lee wa ku yunivesite ya Toronto ndi anzake anayesa zimenezi pa ana a zaka 3 mpaka 7, zotsatira zinatuluka mu 2014. Amamusiya mwana yekha atamuletsa kusuzumira chidole, kenako amamuwerengera nthano n'kumufunsa ngati anasuzumira. Nthano zomwe wabodza amakumana ndi tsoka sizinachititse ana kuulula kwambiri. Yomwe inathandiza ndi ya mwana amene anavomera kulakwa bambo ake n'kukondwera naye. Choncho pekani yanu yaifupi: kamtsikana kaswa mtsuko wa agogo kuchitsime, kaganiza zonamizira mbuzi, kenako kanena zoona, agogo akuti mtsuko tiumba wina, bwera undithandize kuponda dongo. Yambani ndi padangokhala, iwo ayankhe tili tonse, ikani kanyimbo pakati, isapitirire mphindi 5. Mawa lake aisewere, wina agogo, wina mbuzi. Mudzaona onse akulimbirana kukhala mbuzi, zisakudandaulitseni.

Komanso si zonse zomwe ndi bodza. Wa zaka 4 akati kwawo kuli ndege kapena anaona mkango kuchigayo, ameneyo akungolota ali maso, muuzeni kuti nthano yako yakoma. Bodza loti mulitsate ndi lothawira mlandu kapena lonamizira mnzake. Ndipo mukaona nokha kuti wataya madzi ndi uyu, musamufunse kuti wataya ndani, mukumutsegulira khomo loti aname. Ingonenani kuti ndaona madzi atayika, tenga chiguduli.

Zolandanazo, mawu akuti gawanani mwana wamng'ono samawamva, kwa iye akutanthauza kuti ndilande changa. Chomwe amamva ndi kusinthana. Mpira wachikulunga ukakhala umodzi, uyu asewere mpaka nyimbo ithe, ikatha apereke, ndipo inu muonetsetse kuti wabwereradi kwa woyamba uja, apo ayi sadzaperekanso. Pa chakudya, mmodzi anyeme, winayo ayambe kusankha. Mudzaseka mmene amayezera chitumbuwa kuti mbali zifanane. Tizitsekerero ta mabotolo towerengera muziwapatsa awiriawiri mulu umodzi, azigawana kamodzi iwe kamodzi ine mpaka tithe. Koma chakudya chochokera kwawo musamukakamize kugawa, simudziwa ngati adye china madzulo.

Pangano lija loti woulula sakwapulidwa, musalichite musanakhale pansi ndi eni sukulu kapena akomiti, ndi makolo omwe, chifukwa mwana mukhoza kumuteteza m'kalasi n'kukamenyedwa kunyumba nkhani ikafika. Akakana kugwirizana nazo, musalonjeze kalikonse. Ndipo kunena mosabisa, ngati abwana anu ali ngati mayi aja, zina muzingothana nazo nokha m'kalasi. Ine miyezi yomwe ndinatsala pamenepo, kapu ikasweka ndimati yagwa yokha pa shelefu, nthawi zina ana akumva. Muziyikanso kachigumu kapena nthochi m'chikwama mwanu, mwana wobwera ndi njala mumamudziwa pofika 9 koloko, mumupatse mwakachetechete asanafike pa zikwama za anzake.