Chithunzi changa chikadali pa webusaiti ya kumene ndinasiya ntchito

"Ndinasiya ntchito pa kampani ina kuno ku Zomba chaka chatha, koma dzina ndi chithunzi changa zikadali pa webusaiti yawo ngati wowerengera ndalama. Ndikawaimbira amangoti tichotsa. Ndilembe kalata yotani?"

Achemwali, zapafoni zisiyeni, chifukwa sizisiya umboni. Lembani kalata yopita kwa mkulu woona za antchito, ndipo ikhale makope awiri. Imodzi akudindireni chidindo ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo kunyumba.

Muli ndi poyimira. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu limakulolani kupempha kuti zokhudza inu zifufutidwe. Loyang'anira lamuloli ndi bungwe la MACRA. Koma musalembe kuti "fufutani zonse za ine". Mafayilo a malipiro, msonkho ndi penshoni kampani iyenera kusunga, ndiye mukapempha zonse muwapatsa pokanira. Pemphani za pa webusaiti zokha.

Mtima wa kalatayo ungakhale chonchi:

"Ndinasiya ntchito pa kampani yanu pa (tsiku). Dzina langa, udindo ndi chithunzi changa zikuonekabe pa tsamba ili: (adiresi ya tsambalo). Anthu akuganiza kuti ndikadali wantchito wanu. Ngati ndinapereka chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzichi, ndachibweza. Ndikupempha kuti muchotse zonsezi, pamodzi ndi fayilo ya chithunzicho, pasanathe masiku 14, ndipo mundiyankhe polemba."

Masiku 14 ndangoona kuti ndi okwanira, mukhoza kusintha. Mawu akuti anthu akuganiza kuti mukadali wawo musawachotse. Amenewo ndiwo amadzutsa bwana, poti wina atapereka ndalama poona nkhope yanu, mlandu ukhoza kugwera kampani yomwe.

Za fayilo ndatchula dala. Kawirikawiri wokonza webusaiti amangochotsa chithunzi pa tsamba, koma fayiloyo imatsala pa seva, kompyuta yosunga webusaitiyo. Musanatumize kalata, jambulani tsambalo, kenako dinani chithunzicho ndi batani lakumanja la mausi, musankhe "Copy image address" ndi kusunga adiresiyo. Akadzati tachotsa, itseguleni. Nkhope yanu ikatuluka, ntchito sinathe. Mukaona 404, yachokadi.

Mwina Google ipitiriza kukuonetsani kwa kanthawi. Pamenepo musalimbane ndi kampani. Sakani tsamba la Google lotchedwa "Refresh Outdated Content", ikanimo adiresi ya tsamba la kampaniyo ndi ya chithunzi ija, mupemphe kuti zakalezo zichoke. Njirayi imagwira pokhapokha tsambalo litasinthidwa kale.

Ngati muli pa chithunzi cha gulu, kampani ikhoza kuwiringula chifukwa cha anzanu ena. Apatseni njira: adule mbali yanu kapena aphimbe nkhope, ndi kuchotsa dzina m'munsimo. Masiku aja akatha ali chete, lembaninso kachiwiri, muphatikize kope yodindidwa ija, ndipo muwauze kuti dandaulo lanu mupita nalo ku MACRA.