Notisi yotuluka m'nyumba: meseji kapena kalata?

Funso: "Abale, ndikuchita lendi ku Chilenje, K4,500 pa mwezi, ndimalipira pa 1. Ndikufuna kutuluka kumapeto kwa Novembala ndipo dipoziti yanga ya mwezi umodzi ili kwa a landilodi. Iwo amakhala ku Chipata, lendi amatolera ndi mphwawo. Timacheza bwino pa WhatsApp. Kodi meseji ikwanira, kapena ndilembe kalata? Ndikuopa kuti kalata ingaoneke ngati ndewu."

Asisi, lembani kalata. WhatsApp muigwiritse ntchito ngati mthenga wonyamula kalatayo, osati m'malo mwake.

Ine ndikafuna kusankha ndimadzifunsa kuti, kodi zimenezi zidzafunika kuwerengedwa ndi munthu wachitatu amene sakutidziwa? Mpopi ukudontha, geti yathyoka, lendi ichedwa masiku awiri, izi ndi za inu awiri, meseji ikwanira. Koma nkhani ikakhudza tsiku lotuluka kapena ndalama yoti wina abweze, mwina idzafika kwa mwana wa a landilodi, kwa ejenti, kapena kukhoti. Anthu amenewa sadziwa kuti mumacheza bwino. Amangoona zimene zalembedwa.

Musanalembe chilichonse, tulutsani pepala la mgwirizano limene munasaina polowa, mupeze ndime ya notisi. Onani zinthu ziwiri: notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji, ndipo iperekedwe motani. Mapepala ambiri amati mwezi umodzi, ena miyezi itatu, ndipo ambiri amati ikhale yolembedwa. Ena amapitirira kunena kuti iperekedwe pamanja kapena pa adiresi yakutiyakuti. Ngati lanu likutero, meseji yokha ikupatsa a landilodi mpata wonena kuti notisi simunapereke mwa njira imene munagwirizana, ngakhale anaiwerenga.

Sindikunena kuti meseji ilibe mphamvu. Muno m'Zambia lamulo la 2021 loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti limalola kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni. Vuto lili pa mmene timalembera mameseji. Tiyerekeze pa 10 Okutobala mwalemba kuti, "Bambo, mwina tisamuka mwezi wamawa," iwo n'kuyankha ndi kachala koloza m'mwamba. Kwa inu notisi yapita. Koma "mwina" si chisankho, "mwezi wamawa" ungakhale pa 1 kapena pa 30, za dipoziti simunatchule, ndipo kachalako sikakunena ngati avomera kapena angoona. Likafika tsiku, angathe kunena kuti mumangocheza, ndiye notisi yeniyeni ayambe kuwerengera tsiku limene aona galimoto ya katundu pageti. Mwezi umenewo adzaulipiritsa pa dipoziti yanu, K4,500 yonse n'kupita, inu muli kale m'nyumba ina kumene mukulipiranso lendi.

Onjezani kuti foni imabedwa mu basi, munthu amasintha nambala, meseji imafufutidwa ndi Delete for everyone, ndipo ena amayatsa Disappearing messages osakuuzani. Mawu ojambula ndiye ovutirapo, palibe amene adzakhale pansi kumvetsera mphindi zisanu za moni kuti apeze pamene munatchula tsiku.

Tsopano za masiku. Popeza mwezi wanu wa lendi umayamba pa 1, njira yosabweretsa mkangano ndi yakuti notisi ikwane mwezi wathunthu wa lendi, kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Novembala. Ndiye kalata ifike m'manja mwawo Okutobala asanathe, makamaka cha pa 25 kuti pakhale mpata ngati mphwawo sakupezeka. Ikafika pa 3 Novembala, a landilodi ambiri amati notisi ithera kumapeto kwa Disembala. Ngati pepala lanu likuti miyezi itatu ndipo Ogasiti watha, ndiye kuti Novembala yakuphonyani kale, ndipo kalata yanu ikhale yopempha kuti akuchepetsereni nthawi, yankho lawonso likhale lolembedwa.

Kalatayo isakhale yaitali. Pamwamba tsiku, dzina lanu, nambala ya nyumba ndi dzina la a landilodi monga lilili pa mgwirizano. Kenako mawu onga awa:

"Malinga ndi mgwirizano wathu, ndikupereka notisi ya mwezi umodzi kuti ndidzatuluka m'nyumba pa 30 Novembala. Lendi ya Novembala ndidzalipira pa 1 monga mwa masiku onse. Ndikupempha kuti tidzayendere limodzi nyumba pa 29 Novembala, ndi kuti dipoziti ya K4,500 imene ndinalipira polowa ibwezedwe pasanathe masiku 14 nditapereka makiyi. Ngati pali chochotsera, mundilembere chinthucho ndi mtengo wake. Zikomo pondisunga bwino."

Masiku 14 amenewa ndi pempho lanu chabe. Ngati mgwirizano uli ndi nthawi yake, lembani imeneyo. Chinenero chilichonse chimene nonse mumamva n'chabwino, ngakhale ambiri amalemba m'Chingerezi kuti zifanane ndi mgwirizano. Madandaulo akale, monga za thanki ya madzi kapena za galu wa m'nyumba yakutsogolo, musaikemo. Zimangopsetsa mtima munthu amene akusunga ndalama zanu.

Mwaona kuti ndaika zoti lendi ya Novembala mulipira. Muno mu Lusaka anthu ambiri amangoti mwezi womaliza "adya dipoziti". Ngati a landilodi sanavomere polemba, pa pepala mumaoneka ngati muli ndi ngongole ya lendi, ndipo ndi inu amene mumayamba kuoneka olakwa. Mukafuna kutero, pemphani m'kalata momwemo ndipo dikirani yankho.

Kaperekedwe ndi kamene anthu amaiwala. Sindikizani makope awiri, musaine onse. Mphwawo alandire imodzi, ndipo pa yanu alembe kuti walandira, dzina lake, tsiku ndi siginecha. Koma iye si mwini nyumba, ndipo mawa angathe kunena kuti anaiwala kuipereka. Choncho tsiku lomwelo jambulani kalata yosainidwayo muitumize kwa a landilodi pa WhatsApp ndi mawu ochepa: "Bambo, nayi notisi yanga yotuluka pa 30 Novembala, ndapereka kwa mphwanu lero. Chonde ndiuzeni kuti mwaiona." Akayankha, jambulani sikirini yoonetsa nambala yawo ndi tsiku, kenako Export chat muzitumizire ku imelo yanu. Mphwawo akakana kusaina, musakangane naye. Perekani pamaso pa mboni, mboniyo isaine pa kope yanu, ina muitumize ku Chipata pa positi ya rejisitala ndipo risiti musunge.

Za ndewu zija, ndewu imabwera munthu akadzidzimutsidwa. Ayimbireni foni kaye, muwalonjere, mufunse za kumudzi, muwauze ndi pakamwa kuti mukusamuka, kenako munene kuti mutumiza kakalata kuti nonse mukhale ndi tsiku limodzi. Akuluakulu ambiri amakhumudwa kwambiri ndi kameseji ka mzere umodzi kusiyana ndi kalata yaulemu. Ndiponso iwo ikuwathandiza, chifukwa akudziwa tsiku loyambira kufuna wina wolowa.

Tsiku loyendera nyumba jambulani makoma, mawindo, chimbudzi, mita ya madzi ndi mayunitsi otsala pa mita ya magetsi, ndipo wolandira makiyi asainenso. Dipoziti ikapanda kubwera pa nthawi yake, mudzalemba kalata yachiwiri yoitanitsa ndalamayo ndi tsiku lomaliza. Zikakanikabe, pali khoti la milandu ing'onoing'ono, kumene munthu amadziimira yekha popanda loya, ndipo mudzapita ndi mgwirizano, risiti ya dipoziti kapena meseji ya Airtel Money kapena MoMo imene munalipirira, makalata awiriwo ndi zithunzi. Risiti ya dipoziti muyambe kuifunafuna lero lomwe, chifukwa mukayamba kulongedza katundu m'makatoni simudzaipeza msanga.