Akakweza zaka zopumira pa ntchito

"Ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume pa ntchito kuno ku Salima. Akakweza zaka zopumira, zinditherera bwanji?"

Bambo, yambani mwaona ngati lamulolo likukhudza amene atsala pang'ono kupuma, chifukwa nthawi zina amawapatula kapena kuwalola kusankha. Afunseni a ku ofesi yoona za antchito, akuyankheni polemba.

Likakukhudzani, penshoni imakula ndithu. Tinene kuti mumalandira K400,000. Inu mumasonkha 5 peresenti, abwana 10 peresenti, ndiye kuti K60,000 pamwezi. Akaonjezera zaka ziwiri, imeneyo ndi K1,440,000, osawerengera phindu.

Vuto lili pa ndalama ija amapereka kamodzi munthu akapuma, nayonso ichedwa. Ngati munakongola modalira ndalamayo, kaya ya malata kaya ya bwato, chiwongoladzanja sichidikira. Kakambiraneni msanga ndi okongozawo.