Si tikiti iliyonse yotsekedwa yomwe imalowa m'chikalata cha zosintha

"Abale, Lachisanu tikutulutsa mtundu watsopano wa apu yathu yowerengera katundu, ya amalonda a ku Kamwala. Abwana akufuna chikalata cha zosintha chogawidwa patatu: zatsopano, zokonzedwa ndi mavuto odziwika. Pa GitHub ndili ndi matikiti 23 otsekedwa. Ndingowakopera onse?"

Achimwene, musakopere. Tikiti imatsekedwa pa zifukwa zambiri. Ina ntchito yake inathadi, ina inali yobwereza inzake, ina munagwirizana zoisiya. Yambani ndi kusefa, pofufuzira palembeni izi:

```
is:issue is:closed reason:completed milestone:v1.4.0
```

M'malo mwa `v1.4.0` ikani dzina la mtundu wanu. Tiyerekeze kuti mwa 23 aja atsala 16.

Ngakhale 16 amenewa musawakhulupirire msanga. Munthu amatha kutseka tikiti ntchito yake ikadali pa nthambi ina, isanalowe mu zomwe mukutulutsazo. Ine zinandichitikirapo. Ndinalemba kuti vuto la lisiti takonza, Lolemba m'mawa mayi wina wa pa Soweto Market nkuimba foni kuti ngwee zake zikusowabe pa lisiti. Tikiti inali yotsekedwa, koma kukonzako kunatsalira. Kuyambira pamenepo ndimayerekeza ndi zomwe zinalowadi:

```
git log v1.3.0..v1.4.0 --oneline
```

Apa `v1.3.0` ndi mtundu wapitawo; ngati tagi ya `v1.4.0` simunaipange, ikani dzina la nthambi yomwe mukutulutsa m'malo mwake. Tikiti yomwe nambala yake simukuiona apa, funsani mwini wake musanailembe.

Kugawa sikuvuta. Chimene kasitomala sankatha kuchita kale ndi chatsopano, chimene chinkayenera kugwira ntchito koma chinkalephera ndi chokonzedwa. Zapakati pa inu olemba pulogalamu, monga kukonza mayeso kapena kusesa kodi yakale, zisiyeni, wamalonda alibe nazo ntchito. Matikiti atatu a chinthu chimodzi akhale mzere umodzi. Mutu wa tikiti nawo musautenge momwe ulili, lembani zomwe munthu aone pa foni yake: "Lisiti tsopano ikuonetsa ngwee molondola mukagulitsa zinthu zoposa chimodzi."

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa mavuto odziwika, chifukwa amenewa simuwapeza m'matikiti a ntchito yomwe inatha. Ali m'matikiti omwe akadali otsegula, komanso m'matikiti omwe munatseka vuto lilipobe, amene mungawapeze pofufuza ndi `reason:"not planned"`. Onaninso chikalata cha mtundu wapitawo. Vuto lomwe munalemba mmenemo liyenera kuoneka lero, kaya pa zokonzedwa kaya pa odziwika, lisangosowa mwakachetechete.

Vuto lililonse linene zinthu zitatu: likukhudza ndani, limachitika liti, ndipo munthu achite chiyani podikira. Mwachitsanzo: "Netiweki ikaduka mukusunga katundu, chinthu chimatha kulembedwa kawiri. Musanadinenso batani, onani kaye mndandanda." Abwana mwina anena kuti tikudziyalutsa. Afotokozereni kuti mayi woti wachenjezedwa amayang'ana mndandanda wake, pomwe wosauzidwa amatseka shopu madzulo mabuku ake asakugwirizana, nkuyamba kukayikira mnyamata womugulitsira.

Lachinayi mupatseni chikalatacho amene amayankha mafoni a makasitomala awerenge. Mzere womwe iye sakuumva, ulembeninso.