Ndalama zotsatsira ndi malonda a wiki yonse pa tsamba limodzi

"Ndimagulitsa nsapato pa intaneti, ndimalipira zotsatsa pa Facebook ndi TikTok. Wiki ikatha ndimatsegula konse kuwiri, manambala awo sakugwirizana ndi ndalama zomwe ndalandira. Ndipange bwanji kuti ndiziona pamalo amodzi zomwe ndalipira ndi zomwe ndagulitsa?"

Zikomo achemwali polemba. Manambalawo sadzagwirizana olo mutadikira mpaka liti, ndipo sikuti inu mwalakwitsa penapake ayi. Munthu akadina chotsatsa chanu pa TikTok Lolemba, kenako n'kudinanso china pa Facebook Lachitatu, n'kugula Lachinayi, aliyense mwa awiriwa alemba kuti kasitomala uja wabwera naye ndi iyeyo. Facebook, ngati simunasinthe zoikamo zake, imawerengera munthu amene wagula pasanathe masiku 7 chidinireni, ngakhalenso amene anangoona chabe osadina n'kugula pasanathe tsiku limodzi. Ndiye mukaphatikiza malonda a malipoti awiriwo, nsapato imodzi mwaigulitsa kawiri papepala.

Ine lamulo langa ndi ili. Ndalama zomwe mwalipira tengani kwa iwowo, chifukwa pa zimenezo salakwitsa, ndi zomwe akudulani. Koma malonda tengani m'buku lanu la maoda, ndalama zomwe zalowadi. Ziwirizi zimakumana pa zinthu ziwiri basi, wiki ndi dzina la kampeni.

Dzina la kampenilo ndi pomwe pali ntchito, ndipo ambiri amagwera pomwepa. Oda iliyonse iyenera kubwera itanyamula chizindikiro cha komwe yachokera. Ngati anthu amagula pa webusaiti, linki yomwe mumaika mu chotsatsa muziiwonjezera kamchira kotere:

```
?utm_source=facebook&utm_campaign=fb_nsapato
```

Mapulogalamu ambiri a sitolo za pa intaneti amasunga kamchirako pa oda. Ngati anthu amagula pocheza nanu pa meseji, ndiye chotsatsa chilichonse chikhale ndi kakodi kakekake kochotsera mtengo, kapena mungowafunsa kuti mwationa kuti, n'kulemba pompo. Musadikire madzulo, muiwala. Ndipo dzinalo likhale limodzimodzi konse, mu Ads Manager, mu linki ndi m'buku lanu. Mukalemba fb_nsapato uku, uko n'kulemba fb nsapato, kompyuta iziona ngati makampeni awiri.

Tsopano mu Google Sheets kapena Excel tsegulani mashiti atatu. Yoyamba itchuleni Zolipira, yachiwiri Zogulitsa, ndipo zonse ziwiri zikhale ndi makolamu ofanana: A tsiku, B kampeni, C ndalama, D wiki. Za mu Zolipira mumazitenga mu Ads Manager, dinani Breakdown musankhe Day kuti tsiku lililonse likhale ndi mzere wake, kolamu yomwe mukufuna ndi Amount spent, kenako Export. Ku TikTok chimodzimodzi, kungoti kolamu yake imalembedwa Cost. Mu Zogulitsa oda iliyonse mzere wake, ndipo munthu akabweza katundu mulembe mzere wina wa ndalama yokhala ndi mainasi. Mu kolamu D ikani fomula iyi n'kuikokera pansi:

```
=INT(A2)-WEEKDAY(A2,3)
```

Imatenga tsiku lililonse n'kulibwezera pa Lolemba la wiki imeneyo, choncho masiku onse kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu amakhala ndi deti imodzi. INT uja musamuchotse, maoda ambiri amabwera ndi nthawi yomwe, monga 14:32, ndipo popanda iyeyo Lolemba la oda silifanana ndi Lolemba la zolipira ngakhale pamaso zikuoneka zofanana.

Shiti yachitatu ndiyo lipoti lenilenilo. Kolamu A Lolemba la wikiyo, B kampeni, ndipo C, D ndi E ndi izi motsatana:

```
=SUMIFS(Zolipira!C:C,Zolipira!D:D,A2,Zolipira!B:B,B2)
=SUMIFS(Zogulitsa!C:C,Zogulitsa!D:D,A2,Zogulitsa!B:B,B2)
=IF(C2=0,"",D2/C2)
```

Yomalizayo ndi yomwe amati ROAS, kutanthauza kuti pa 1 iliyonse yomwe mwalipira mwagulitsa zingati.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza, inu muikapo anu. Wiki ino fb_nsapato yadya 400, tt_nsapato yadya 300, zonse 700. Facebook ikuti yakugulitsirani za 1,500, TikTok ikuti 1,100, kuphatikiza 2,600. Koma buku lanu likuti zomwe zalowa ndi 1,960. Mwa zimenezi 1,200 zili ndi chizindikiro cha Facebook, 450 cha TikTok, ndipo 310 zilibe chizindikiro chilichonse. Za 310 zimenezi musazitaye komanso musazigawe mongoganiza, zipatseni mzere wawowawo mu lipoti wotchedwa sizikudziwika, ndipo dzina lomweli mulilembenso mu kolamu B ya maoda amenewo mu Zogulitsa. Ndiye ROAS ya Facebook ndi 3.0, ya TikTok 1.5, ndipo ya zonse pamodzi, 1,960 kugawa ndi 700, ndi 2.8.

Nanga 1.5 ndi yabwino? Anthu ambiri akaona nambala yoposa 1 amasangalala kuti ndalama yabwerera, koma nsapatozo simunazitole, munazigula. Tinene kuti pa 100 iliyonse yomwe mwagulitsa, mukachotsa mtengo woodera ndi wotumizira, mumatsala ndi 40. Kuti zotsatsa zingodzilipira zokha mukufunika ROAS ya 100 kugawa ndi 40, yomwe ndi 2.5. Facebook yadutsa, pa 1,200 mwatsala ndi 480, kuchotsa 400, phindu 80. TikTok pa 450 mwatsala ndi 180 pomwe mwalipira 300, ndiye mwaluza 120. Apa ndi pomwe mzere wa sizikudziwika uja umandithandiza kwambiri, chifukwa ndimatha kufunsa kuti, bwanji zonse 310 zikanakhala za TikTok? Zikanakhala 760, kugawa ndi 300 ndi 2.5 ndi kakang'ono pamwamba. Kutanthauza kuti olo mutaikomera mtima chotani, kampeni imeneyi yangobweza ndalama yake basi, pomwe lipoti lake lomwe limaonetsa pafupifupi 3.7. Nambala ya 2.5 ija ilembeni pamwamba pa shiti kuti muziiona nthawi zonse.

Komabe musathamangire kuzimitsa kampeni chifukwa cha wiki imodzi. Munthu wodina Loweruka amatha kugula Lachiwiri, ndiye ndalama yolipira yagwera wiki ino, malonda ake agwera wiki yamawa. Zimaoneka kwambiri wiki yomwe mwangoyamba kampeni kapena mwakweza bajeti, ROAS imatsika, wiki yotsatira n'kukwera. Ine ndimaika kolamu ina yophatikiza mawiki 4 apitawa, ndipo chiganizo chozimitsa ndimapangira pa imeneyo.

Musanakhulupirire lipoti lanu, phatikizani kolamu D yonse ya wikiyo mu shiti ya lipoti muone ngati ikufanana ndi ndalama zonse za m'buku, pa chitsanzo chathu 1,960. Ikaperewera, pali oda yomwe dzina lake la kampeni lalembedwa mosiyana, nthawi zambiri kampata kotsalira kumapeto kwa dzina komwe maso sakuona, TRIM imakachotsa. Mukaona ziro pomwe mukudziwa kuti munalipira, yang'anani madeti, akakhala atatsamira kumanzere kwa selo ndiye kuti alowa ngati mawu osati ngati deti. Onaninso nthawi yomwe akaunti yanu yotsatsira imayendera, Time zone, chifukwa ikasiyana ndi ya sitolo yanu, maoda a Lamlungu usiku ndi zolipira zake zimagwera mawiki osiyana. Ndipo mzere wa sizikudziwika ukayamba kukula wiki ndi wiki, kadineni zotsatsa zanu chimodzichimodzi, mupeza china chomwe linki yake munaiika yopanda kamchira kaja.